“Mudzadulidwa”: kukonza kalata ya ngongole ya madzi kuti mwini wake aimve

## Pa windo, Lolemba m'mawa

Mu komboni ina ya kumadzulo kwa Lusaka muli kampani yaing'ono yomwe inaboola chitsime chakuya, n'kuimika thanki, n'kukokera mapaipi m'mayadi a anthu. Dzina lake ndilisunga. Lolemba lina m'mwezi wa Malichi, pa windo lolipirira panafika mayi wachikulire, kalata yopinda kanayi ili m'manja. Madzi anali atawatsekera Lachisanu madzulo, ndipo pompi ya pa yadi pawo amatungapo mabanja asanu ndi limodzi, iwowo ndi anthu awo a lendi.

“Amayi, bwanji simunabwere sabata yatha? Mukanaperekako theka sitikanatseka,” anatero mtsikana wa pa windo.

“Mwanawanga, theka lake liti? Pepalali likuti ndilipire zonse, apo ayi anditengera ku khoti. Ine ndimasonkhanitsa kuti zikwane. Ndipo masiku ake sanakwane, akwana mawa.”

Anamasula mfundo ya pa chitenje, n'kuika K250 pa kauntala. Ngongole yonse inali K460, theka lake K230. Ndalama zopulumutsira madziwo anali nazo kuyambira tsiku limene kalata inafika. Tsopano panawonjezeka K100 yotsegulitsira.

Mtsikanayo anatenga kalata ija mwaulemu ndithu, n'kuloza mzere wina cha kumapeto. “Za theka zija zili apa, amayi.” Mayiwo anayang'ana pomwe chala chinaloza, n'kuwerenga milomo ikugwedezeka, kenako anapukusa mutu. Mtsikanayo sananame, mzerewo unalipo. Mayiwonso sananame, chifukwa palibe munthu wamba amene akanamva kuti mzerewo ukunena za kulipira theka. Nkhani imeneyi sindiiwala, chifukwa onse awiri anali anthu abwino ndipo chowapweteketsa chinali pepala.

## Kalata yake inali yotere

Inalembedwa m'Chingerezi poyamba, wina n'kuitembenuza liwu ndi liwu:

“CHIDZIWITSO KWA MAKASITOMALA ATHU OLEMEKEZEKA. Mukudziwitsidwa kuti akaunti yanu ili ndi maariyazi a K460.00. Mukupemphedwa kukonza akaunti yanu mkati mwa masiku 14. Kulephera kutero kudzachititsa kuti mudulidwe popanda chidziwitso china, ndipo njira zoyenera zidzatsatidwa. Kulumikizidwanso kudzakopa chindapusa. Dongosolo la kalipiridwe lingathe kuganiziridwa malinga ndi ndondomeko za kampani. Kusokoneza kulikonse kwadandaulidwa. Mwa lamulo, Manejimenti.”

Aliyense wokhala mu Lusaka waonapo pepala la mtundu uwu, pa geti, pa shopu ya katundu wa ngongole, kapena pa foni. Mulibe mwano ayi. Pamwamba pali “olemekezeka”, pakati pali “mukupemphedwa”. Koma muliwerengenso mofatsa mukufunafuna munthu amene akulankhula. Simumupeza.

## Ndani akuchita chiyani

Vuto loyamba lili m'aneni. Mukudziwitsidwa, mukupemphedwa, mudulidwe, zidzatsatidwa, kuganiziridwa, kwadandaulidwa. Onsewo athera ndi -idwa kapena -edwa, ndipo mathero amenewa amabisa wochita. M'chinenero chathu timalankhula chonchi pamene wochitayo sakudziwika, kapena pamene tikuopa kumutchula, monga pa nkhani ya kuba kapena ya imfa. Ndiye kalata ikadzaza ndi aneni otere, wowerenga amamva ngati chinthu chikubwera chokha, ngati mvula ya matalala, chosati n'kukambirana nacho. Munthu sapita kukapempha nthawi kwa chinthu chopanda nkhope. Amakhala pansi n'kumasonkhanitsa ndalama mwamantha, monga anachitira mayi aja.

Kukonza kwake kumayamba ndi pensulo. Dulani mzere pansi pa mneni aliyense wothera ndi -idwa kapena -edwa, ndipo pa aliyense funsani kuti wochita ndani. Ngati ndi kampani, lembani “ife” kapena “ti-”. Ngati ndi kasitomala, lembani “inu” kapena “mu-”. “Mukudziwitsidwa kuti” amangochoka yense, chifukwa kalatayo ndiye kudziwitsa kwake. “Kwadandaulidwa” amakhala “pepani”, liwu limodzi lomwe mwana ndi gogo amalidziwa.

“Mudulidwe” ndiye woipa kuposa onse. Chodulidwa ndi mtengo, nyama kapena chiwalo ku chipatala. Ogwira ntchito m'ofesi za madzi ndi magetsi anazolowera kunena kuti “tamudula” mpaka sakumvanso kuti liwulo likugwera pa thupi la munthu. Chimene kampani imachita kwenikweni ndi kutseka madzi. Lembani choncho: “tidzatseka madzi”. Chogwiridwa ndi pompi, munthuyo watsala wathunthu.

Mabwana ena amakana “ife” amati akuchepetsa ulemerero wa kampani. Ine ndimaona kuti chomwe amachiopa ndi china. Ukalemba kuti “tidzatseka”, wavomera kuti dzanja lotseka ndi lako. Kuvomera kumeneko n'koyenera, chifukwa kasitomala naye tikumuuza kuti avomere ngongole yake.

## “Njira zoyenera”

Khoti lija linachokera kuti? Mu kalata mulibe liwu limenelo. Linachokera pa “njira zoyenera zidzatsatidwa”, ndi pa “Mwa lamulo” wa kumapeto. Wolembayo ankangotanthauza kuti adzatseka madzi ndi kulipiritsa K100 potsegula. Koma mawu osatchula chinthu amasiya dzenje, ndipo wowerenga amadzaza dzenjelo ndi choopsa kwambiri chimene akuchidziwa. Mu komboni anthu anaonapo katundu wa mnzawo akukwezedwa pa galimoto chifukwa cha ngongole. Akamva “njira zoyenera” amaona zimenezo.

Lamulo lake ndi losavuta kunena koma limafuna kulimba mtima: tchulani chotsatira chenicheni, ndi mtengo wake, n'kulekera pomwepo. Ngati chotsatira ndi kutseka madzi ndi K100, lembani zimenezo basi. Ngati kampani imapititsadi anthu ku khoti ngongole ikafika pa mlingo wina, nenani mlingowo poyera. Choipa ndi kuopseza ndi mthunzi wa chinthu chomwe simudzachita. Ena amaganiza kuti mantha amafulumizitsa ndalama. Pa windo zimaoneka mwina. Wochita mantha amazemba ofesi, amazimitsa foni, amauza ana kuti akabwera a madzi anene kuti amayi kulibe.

“Chindapusa” nachonso chili ndi mano. Chindapusa amalipira wolakwa pa mlandu, kwa mfumu kapena ku khoti. K100 ija ndi ndalama yotsegulitsira madzi, yolipira amene apite ndi sipanala. Itchuleni ndi dzina lake lomwelo. Ndipo ndalama “sikopedwa”, imalipiridwa.

## Masiku 14 kuyambira liti

Apa mpamene mayi aja analuzira K100 yawo. Kalata inalembedwa Lachisanu pa 28 Febuluwale. Mnyamata woyenda nazo anaifikitsa Lachiwiri pa 4 Malichi. Ofesi inawerenga masiku 14 kuchokera pa tsiku lolemba, n'kupeza pa 14 Malichi. Mayiwo anawerenga kuchokera pa tsiku lolandira, n'kupeza pa 18. Masamu a onse awiri anali olondola.

Choncho musalembe chiwerengero cha masiku. Lembani dzina la tsiku, deti, mwezi ndi nthawi: Lachisanu pa 14 Malichi, 16:00. Dzina la tsiku ndi lofunika chifukwa anthu ambiri amakonza moyo wawo ndi masiku a sabata, la msika, la tchalitchi, la chilimba, osati ndi madeti. Nthawi ilembedwe monga tizolowera kuno ku Zambia, ya maola 24, pakuti munthu wa mu Lusaka akaona 16:00 safunsanso ngati ndi m'mawa kapena madzulo. Musalembe “mawa” kapena “sabata ino”, chifukwa pepala limakhala masiku m'thumba. “Mailo” wa m'tauni ndiye mumupewe kotheratu, popeza liwu lomwelo limanena dzulo ndi mawa lomwe.

Kulemba tsiku poyera kumaululanso zina. Mukalemba kuti “tidzatseka Lachisanu madzulo”, mumaona nokha kuti mabanja asanu ndi limodzi akhala opanda madzi Loweruka ndi Lamlungu ofesi ili yotseka, nyengo ya mvula, m'dera lomwe zitsime zosaya zayandikana ndi zimbudzi. Anthu a mu Lusaka sanaiwale kolera ya kumayambiriro kwa 2024, pomwe bwalo la mpira la Heroes linasanduka malo ogonekamo odwala. Wolemba kalata sangasinthe yekha tsiku lotseka, koma akhoza kupita kwa bwana n'kufunsa ngati sangalisunthire Lolemba. Pamene panalembedwa “mkati mwa masiku 14”, funsolo silinkabwera n'komwe m'mutu.

## Ndalama, ndi khomo lotulukira

“Maariyazi” ndi ngongole. Ambiri kuno amati nkhongole, ndipo ngati makasitomala anu amatero, lembani momwemo. Musabise liwulo poganiza kuti n'lochititsa manyazi. Chopweteka ndi kumutcha munthu “wolephera kulipira”, pakuti pamenepo mwamuweruza. Ngongole ndi nambala chabe.

Nambalayo iphwanyeni. K460 ikaima yokha imaoneka ngati yongopeka, ndipo landilodi sangathe kuigawa kwa anthu a lendi. Koma mukalemba kuti Disembala K140, Januwale K170, Febuluwale K150, munthu amatenga marisiti ake n'kufananiza. Akapeza kuti ya Januwale analipira kale, amabwera ndi risiti osati ndi mkwiyo. Chotsani “.00” wa kumapeto ngati palibe mangwee. Ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu mu 2013, koma achikulire ena mpaka lero amawerengabe m'masauzande akale, ndipo maziro owonjezera pa pepala amawasokoneza, makamaka kadontho kakafufutika ndi fotokope.

Tsopano mzere uja wa “dongosolo la kalipiridwe lingathe kuganiziridwa malinga ndi ndondomeko za kampani”. Ndiwo unali wofunika kuposa yonse mu kalatamo, koma anauika wachiwiri kuchokera pansi, pambuyo pa ziopsezo ziwiri. Munthu akawerenga za kudulidwa, mtima umayamba kugunda ndipo mizere yotsatira amangoidutsa ndi maso. Choncho khomo lotulukira lizibwera chotsatira choipa chisanatchulidwe. Liziyankhanso mafunso omwe munthu ali nawo: ndipereke zingati lero, zotsala ndimalize liti, ndikaone ndani. Ngati ndondomeko ya kampani ikuti theka tsopano, zotsala m'miyezi iwiri, chitani masamu inuyo: K230 tsopano, K115 mu Epulo, K115 mu Meyi. Muwonjezerenso kuti bilu ya mwezi ndi mwezi izibwerabe payokha. Mukabisa zimenezi kuti kalata ikome, mu Epulo munthu adzabwera ndi K115 n'kuuzidwa kuti sizikwana, ndipo adzati munamupusitsa.

## Kalata yatsopano

Mukachita zonsezi, kalata imatuluka chonchi:

“Kwa eni nyumba nambala 27,

Moni. Tikulemba za bilu yanu ya madzi. Mabuku athu akuonetsa ngongole ya K460: Disembala K140, Januwale K170, Febuluwale K150.

Ngati simungathe kulipira zonse nthawi imodzi, bwerani ndi K230 pofika Lachisanu pa 14 Malichi, 16:00, ndipo madzi sititseka. Zotsala mudzalipira K115 mu Epulo ndi K115 mu Meyi, pamodzi ndi bilu ya mwezi umenewo.

Ngati sitionana pofika tsikulo, tidzabwera kudzatseka madzi Lolemba pa 17 Malichi. Kutsegulanso ndi K100.

Ngati munalipira kale, kapena mukuona kuti talakwitsa, chonde bwerani ndi risiti tikonze. Ofesi imatsegula Lolemba mpaka Lachisanu, 08:00 mpaka 16:00. Mukafika funsani woyang'anira mabilu.

Zikomo.”

Pansi pake pakhale dzina la munthu weniweni wa mu ofesi, udindo wake, ndi nambala ya foni yomwe imayankhidwa. “Manejimenti” salandira foni.

Taonani kuti kalata yatsopanoyi siyofewa kuposa yakale. Ikunena mosabisa kuti madzi atsekedwa, tsiku lake, ndi mtengo wake. Pali kulakwitsa kwina komwe kumabwera anthu akangophunzira kuti makalata awo ndi ouma: amathira shuga wambiri mpaka choona chimasungunuka. Amalemba kuti “tikukumbutsani mwachikondi kuti mukapeza mpata mutichezere”. Kasitomala amaika pepala pa kabati, Lolemba n'kuona anyamata a sipanala pa geti. Ameneyu amakwiya kuposa amene anaopsezedwa, ndipo ali ndi chifukwa.

Taonaninso “mabuku athu akuonetsa”. Mawu amenewa akuvomera kuti mabuku akhoza kulakwa. Mita imawerengedwa molakwika, risiti imalowa pa nambala ya nyumba ina, ndalama yotumiza pa foni imachedwa kuoneka. Kusiya mpata umenewu ndiye ulemu womwe “olemekezeka” wa pamwamba sankaupereka.

Poyambira paja pali chifukwa chake. Akaunti zambiri za madzi zili m'dzina la bambo amene anamwalira kale, kapena la landilodi amene amakhala kwina. “Kwa eni nyumba nambala 27” amafika kwa amene alipo osatsegula bala. Dzina la pa akaunti likhoza kukhala pamwamba ndi nambala yake, pofuna mabuku. Ngati mukudziwa bwino amene mukumulembera, “Amayi” kapena “Abambo” ndi dzina lawo ndi bwino koposa. Konseko ndi “inu”. Ndipo kalatayo iperekedwe yopinda, m'manja mwa wamkulu wa pa nyumba. Kumata mndandanda wa mayina a angongole pa khoma la ofesi kumafufuta ulemu wonse umene mwalemba.

## Ikapita pa foni

Meseji imodzi ya pa foni imatenga zilembo 160, kuwerenga ndi mipata yomwe. Ikapitirira imagawika pawiri, mumalipira kawiri, ndipo pa mafoni ena aang'ono mbali yachiwiri imafika mochedwa. Choncho khomo lotulukira lilowe mu meseji imodzi yomweyo:

“Moni. Bilu ya madzi ya nyumba 27 ndi K460. Mukalipira K230 pofika Lachisanu 14 Malichi, 16:00, madzi sititseka. Zotsala tidzapangana ku ofesi. Zikomo.”

Izi ndi zilembo 150. Chenjerani ndi chilembo ŵ chokhala ndi kadenga. Sichili m'gulu la zilembo wamba za mameseji, ndipo chikangolowa chimodzi, malire amatsika kuchoka pa 160 kufika pa 70. Pa foni lembani w wamba.

## Kuyesa musanasindikize

Wolemba sangayese kalata yake yekha, chifukwa amadziwa kale chomwe akufuna kunena. Ogwira nawo ntchito nawonso sathandiza, makutu awo anazolowera chinenero cha mu ofesi. Tengani anthu atatu amene sali pa ntchitoyo, mmodzi akhale wachikulire, wina akhale woti Chinyanja anachiphunzirira m'tauni muno, pakuti mu Lusaka muli olankhula Chibemba, Chitonga, Chilozi ndi zina omwe Chichewa chakuya cha m'mabuku chimawadutsa. Mmodzi mwa atatuwo mumuwerengere mokweza, kamodzi kokha. M'nyumba zambiri kalata imawerengedwa ndi mwana wa sukulu, agogo akumvetsera, ndipo chiganizo chomwe mwana sangachimalize ndi mpweya umodzi chiyenera kudulidwa pawiri.

Musafunse kuti “mwamva?” Munthu wa kwathu adzati “eya” chifukwa cha ulemu, ngakhale sanatolepo kanthu. Bisani pepala, n'kufunsa kuti ngongole ndi zingati, alipire zingati kuti madzi asatsekedwe, pofika liti, ndipo akapanda kubwera chichitike n'chiyani. Akaphonya yankho limodzi, cholakwa chili pa pepala. Mvetserani mawu amene iwo agwiritsa ntchito pobwereza. Akati “azavala manzi” pomwe inu mwalemba “tidzatseka madzi”, uthenga wafika, palibe chosintha. Koma akati “afuna ndipeleke zonse”, bwererani ku tebulo, khomo lija silikuoneka.

Ngati kalata ituluka m'zinenero ziwiri, yambani ndi ya Chinyanja, ya Chingerezi itsatire kuchokera pamenepo. Mukayamba ndi Chingerezi cha mu ofesi, mafupa ake amatulukira mu Chinyanja ngakhale womasulira ali katswiri. Mukamaliza ikani mapepala awiriwo pambali n'pambali, muone ngati ndalama, madeti ndi maola zikufanana. Ngati loya wa kampani akuumirira kuti ndime ya pangano ilembedwe monga iliri, ipite kuseri kwa pepala, kutsogolo kukhale mawu omveka.

Chomaliza chimachitikira pa windo. Kalata isanatuluke, amene amalandira ndalama aiwerenge, ndipo auzidwe kuti munthu akabwera ndi K230 ailandire popanda kudikira siginecha ya bwana amene wapita ku miting'i. Anyamata otseka madzi alandire mndandanda wawo Lolemba m'mawa, atachotsamo onse amene analipira pofika Lachisanu 16:00, kuphatikizapo amene anatumiza pa foni. Pa risiti ya K230 alembepo ndi bolopeni kuti Epulo K115, Meyi K115, kuti mayi akafika kunyumba akhale ndi choonetsa anthu awo a lendi.